Mmene mungasefere zotsatira pa Google: tsamba limodzi, mtundu umodzi wa fayilo, masiku amene mukufuna

Ndili ndi kashopu kosindikiza ndi kujambula mapepala ku Limbe, ndipo pafupifupi tsiku lililonse pamabwera munthu amene akudziwa kuti chikalata chimene akufuna chilipo pa intaneti koma sakuchipeza. Mwezi wathawu anali mphwanga, mwana wa mchemwali wanga, yemwe ali ku koleji. Aphunzitsi ake anamupatsa ntchito yolemba za mmene namondwe wa Freddy anawonongera ku Chilobwe ndi madera ena a m'munsi mwa phiri la Soche. Anafika nkhope ili yakugwa, bandulo itatsala pang'ono kutha.

"Amalume, ndafufuza kuyambira m'mawa. Zikungobwera nkhani za ku Mozambique ndi ku Madagascar, mavidiyo, ndi nkhani zokumbukira kuti patha chaka. Aphunzitsi akufuna malipoti enieni."

Ndinamufunsa zimene analemba. Anandionetsa foni: chiganizo chathunthu cha Chingerezi, chaulemu wake, ngati akulembera kalata a DC. Ndinamukokera mpando pa kompyuta ya pakona, ndipo zimene tinachita masana amenewo ndi zimene ndikulemba apazi.

Choyamba mumvetse chinthu chimodzi, chifukwa mavuto onse amene mudzakumane nawo amachokera pomwepa. Mukafufuza pa Google, iyo sipita kukayang'ana pa tsamba la boma kapena la nyuzipepala nthawi yomweyo ayi. Imayang'ana m'nkhokwe yake, momwe inatutiramo kale zimene inaziona pamene inkayendera masambawo. Mawu amene ndikuphunzitseni ali ngati sefa zitatu: amachotsa madeya pa zimene zili kale m'nkhokwemo. Chimene sichinalowe m'nkhokwe, ngakhale musefe chotani, sichituluka.

Gawo loyamba: yambani opanda sefa

Lembani mawu awiri kapena atatu amene chikalatacho chiyenera kukhala nawo, m'chilankhulo chimene chinalembedwamo. Malipoti a boma ndi a mabungwe kuno kwathu amalembedwa m'Chingerezi, choncho "namondwe" sakuthandizani pamenepa. Tinalemba:

```
cyclone freddy chilobwe
```

Izi n'zongoonera kuti mawuwo akugwira. Ngati pano pakubwera zosagwirizana ndi nkhani yanu, sinthani mawu kaye, musathamangire sefa.

Gawo lachiwiri: tsamba limodzi

Sefa yoyamba ndi `site:`. Mumalemba mawuwa, madontho awiri aja, kenako dzina la tsamba, zonse zogundana.

```
cyclone freddy chilobwe site:mwnation.com
```

Apa Google ibweretsa zokhazo zochokera pa tsamba la nyuzipepala ya The Nation. Mukafuna za Times, muika `site:times.mw`. Simufunika kulemba `https://`, ndipo `www` ndi bwino kumusiya, chifukwa mukamuika mumatsekera kunja zigawo zina za tsambalo zimene dzina lake siliyamba ndi `www`.

Mphwanga atayesa pa foni yake zinakanika, zinangobwera zosakanikirana monga poyamba. Nditasuzumira ndinaona chifukwa chake: kiyibodi ya foni inamuikira mpata pambuyo pa madontho awiri aja, ndipo inaikanso wina pambuyo pa dontho la `.com` lisanathe kulembedwa. Pakakhala mpata, Google imaona `site` ngati liwu wamba loti ilifufuze, ndipo siikuuzani kuti mwalakwitsa. Chizindikiro chake n'chosavuta: yang'anani maadiresi amene ali pamwamba pa chotsatira chilichonse. Ngati onse ali a tsamba limene munatchula, sefa yagwira. Mukaona ngakhale amodzi a kwina, bwererani mukachotse mpata. Mwa anthu amene amandidandaulira kuti "zija munandiuza zija sizikutheka", ambiri vuto limakhala lomweli.

Ubwino wina wa `site:` ndi woti simukakamizidwa kutchula tsamba lathunthu. Mutha kungoika mchira wa dzina, n'kugwira banja lonse la masamba nthawi imodzi:

```
cyclone freddy site:gov.mw
```

Izi zikusonkhanitsa masamba onse othera ndi `gov.mw`, kuphatikizapo la nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, `dodma.gov.mw`, ndi la azanyengo, `metmalawi.gov.mw`. Momwemonso `site:ac.mw` imagwira masukulu aukachenjede monga `mubas.ac.mw` ndi `kuhes.ac.mw`, ndipo `site:mw` imagwira chilichonse chothera ndi `.mw`.

Koma apa pali dzenje limene ambiri amagweramo. Kulemba `site:mw` sikutanthauza "zonse za ku Malawi". Kumangotanthauza masamba amene dzina lake limathera choncho. Tsamba la The Nation limathera ndi `.com`, la Nyasa Times chimodzimodzi, ndipo la MalawiLII, komwe kuli malamulo ndi zigamulo za makhoti, limathera ndi `.org`. Onsewa amatsala kunja. Komanso si mabungwe onse a boma amene ali pansi pa `gov.mw`: a msonkho ali pa `mra.mw`, banki yayikulu ili pa `rbm.mw`, a mayeso ali pa `maneb.edu.mw`. Choncho musanasefe, fufuzani kaye dzina la bungwelo popanda sefa, muone adiresi yake yeniyeni, muikopere. Osalota.

Mukafuna masamba awiri nthawi imodzi, ikani `OR` pakati, m'zilembo zazikulu:

```
freddy soche site:mwnation.com OR site:times.mw
```

Ndipo kamzere kakang'ono kutsogolo kwa `site:` kamatembenuza ntchito: `-site:facebook.com` ikuchotsa tsamba limenelo n'kusiya ena onse. Ine kameneka ndimakagwiritsa ntchito kwambiri tsamba limodzi likadzaza zotsatira zonse.

Gawo lachitatu: mtundu wa fayilo

Nkhani za m'nyuzipepala mphwanga anazipeza, koma aphunzitsi ankafuna malipoti. Malipoti, mafomu, timabuku ta malamulo ndi mapepala a mayeso akale nthawi zambiri amaikidwa ngati PDF. Sefa yachiwiri ndi imeneyo:

```
cyclone freddy blantyre filetype:pdf
```

Dziwani kuti apa ndachotsa dala `site:` ndipo ndasintha Chilobwe kuika Blantyre. Lipoti la dziko lonse limakamba za maboma ndi mizinda. Dzina la dera limodzi mwina limangotchulidwa kamodzi mkati mwenimweni, kapena osatchulidwa n'komwe. Mukamapanikiza mbali ina, masulani mbali inzake.

Pamalo pa `pdf` mutha kuika mchira wina uliwonse wa fayilo, wopanda dontho. Chokhacho choti mukumbukire n'chakuti mafayilo a Word, Excel ndi PowerPoint ali ndi michira iwiriiwiri. Akale amathera ndi `doc`, `xls`, `ppt`. Kuchokera pa Office 2007 amathera ndi `docx`, `xlsx`, `pptx`. Fomu yofunsira ntchito imene inakonzedwa kalekale n'kumangosinthidwa chaka ikhoza kukhala idakali `doc`, choncho yesani zonse ziwiri:

```
application form site:ac.mw filetype:docx OR filetype:doc
```

Kwa amene mukufuna ziwerengero zoti muziwonkhetse nokha, `filetype:xlsx` imakupulumutsani ku ntchito yokopera manambala mmodzimmodzi kuchokera mu PDF.

Sefa imeneyi ili ndi malire ake, ndipo ndimawaona bwino chifukwa sikana ndimagwira nayo ntchito tsiku ndi tsiku. PDF ili mitundu iwiri. Ina imachokera mwachindunji pa kompyuta, mawu ake ndi mawu enieni, mutha kuwakopera. Ina ndi chithunzi chabe: munthu anasindikiza kalata, bwana n'kusaina, n'kudinda chidindo, kenako n'kuijambula pa sikana kapena ndi foni. Google imayesetsa kuwerenga zithunzi zotere, koma pepala likakhala lopendekeka, inki yofooka, chidindo chitaphimba mutu, mawu amasokonekera, ndipo kufufuza ndi mawu a mkati mwake sikulipeza. Zidziwitso zambiri za m'maofesi zimatuluka motere. Pamenepo chotsani `filetype:` n'kufufuza mutu wa chidziwitsocho ndi `site:` yokha, kuti mupeze tsamba limene analumikizapo fayiloyo. Chimodzimodzi fayilo imene anaiika pa Google Drive kapena kuseri kwa batani lotsitsira: kawirikawiri sefayi siiona, ngakhale fayiloyo ilidi PDF.

Langizo la bandulo: chotsatira cholembedwa PDF mukachidina, foni zambiri zimayamba kutsitsa fayilo yonse pompo. Lipoti la masamba mazana awiri lodzaza zithunzi ndi mamapu si kanthu kakang'ono. Werengani kaye mutu ndi timizere tiwiri tapansi pake musanadine.

Gawo lachinayi: masiku

Apa ndi pamene tinakhalitsa, chifukwa sefa ya masiku ndi yothandiza kwambiri komanso ndi imene imapusitsa anthu.

Chigawo chakummwera chakhala chikumenyedwa ndi anamondwe motsatizana: Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Gombe mu Malichi 2022, kenako Freddy mu Malichi 2023. Mukangolemba za kusefukira kwa madzi ku Blantyre, zonsezi zimabwera mtolo umodzi. Ndiponso nkhani za Freddy yemweyo zili magulu awiri: zolembedwa sabata imene zinkachitika, ndi zolembedwa pambuyo pake poyang'ana m'mbuyo. Mphwanga ankafuna kuona zimene zinkadziwika m'masiku oyambirira enieniwo.

Google inayambitsa `before:` ndi `after:` mu Epulo 2019. Tsiku limalembedwa motere: chaka, mwezi, tsiku, zolekanitsidwa ndi timizere. Mvula ya Freddy inafika pachimake cha pa 12 ndi 13 Malichi, ndipo pa 13 Malichi 2023 Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti chigawo chakummwera chili pa ngozi. Ndiye tinatenga masabata atatu ozungulira masikuwo:

```
chilobwe mudslide after:2023-03-10 before:2023-04-01
```

Ndimakonda kusiya mpata wa tsiku limodzi kapena awiri mbali zonse, kuti nkhani yolembedwa usiku kapena yotuluka kudziko lina kumene tsiku linali lisanasinthe isatsale pa malire. Mutha kulemba chaka chokha, monga `before:2023`, ndipo zimatheka, koma ine ndimalemba tsiku lonse kuti malirewo ndiike ndekha.

Samalani ndi dongosolo la manambala. Ife tinazolowera kuyamba ndi tsiku, 11/03/2023. Apa muyambe ndi chaka, mwezi ubwere pakati. Mukalemba `2023-11-03` mukuganiza za 11 Malichi, mwaiuza Google 3 Novembala, ndipo iyo ikupatsani za Novembala mosakufunsani. Mphwanga anachita zomwezi n'kudabwa kuti bwanji kukungobwera nkhani zina zosakhudza masiku a ngoziyo.

Pa kompyuta palinso njira ya mabatani: pansi pa bokosi lofufuzira dinani `Tools`, kenako `Any time`, kenako `Custom range`. Imagwira ntchito yomweyo, koma pa foni chisankho chomalizachi nthawi zambiri sichioneka, mumangopeza za ola lapitali, sabata yapitayi, mwezi kapena chaka. N'chifukwa chake kulemba ndi manja kuli bwino: kumatheka pa foni iliyonse, ndipo mzere wonsewo mutha kuutumizira mnzanu pa WhatsApp iye n'kungoumata.

Tsopano za kupusitsa kuja. Tsiku limene Google imasefera nalo si tsiku limene chinthucho chinachitika, ndipo nthawi zina si tsiku limene nkhaniyo inalembedwa. Ndi tsiku limene Google ikuganiza kuti tsambalo linatuluka kapena linakonzedwanso, potengera zimene yaona pa tsambapo. Pa nkhani za m'nyuzipepala imalondola ndithu, chifukwa nkhani iliyonse imakhala ndi tsiku lake pamwamba. Koma tsamba limene lili ndi kabokosi ka "nkhani zatsopano" m'mbali, kapena limene eni ake analisamutsa n'kulimanganso, nkhani yakale imatha kuoneka ngati ya dzulo. Ndipo pa ma PDF ndiye zimavuta kwambiri: lipoti lolembedwa mu Epulo likhoza kuikidwa pa intaneti mu Juni, Google n'kuliona mu Ogasiti, kapena osalipatsa tsiku lodalirika konse. Choncho mukatsegula chotsatira, yang'anani tsiku lolembedwa mkati mwa chikalatacho. Limenelo ndiye lokalemba mu ntchito yanu ya kusukulu, osati limene Google imasonyeza pa chotsatira.

Gawo lachisanu: kuphatikiza, imodzi imodzi

Mphwanga ataona kuti sefa zitatu zonse zikugwira, mtima unamuthamanga, n'kuziunjika pamodzi:

```
"chilobwe" freddy site:gov.mw filetype:pdf after:2023-03-10 before:2023-04-01
```

Sipanabwere kanthu kogwirika.

"Ndiye kuti boma silinalembe chilichonse, amalume?"

Ndinamuuza kuti ayi, chimene tadziwa n'chakuti m'nkhokwe ya Google mulibe fayilo imene ikukwaniritsa zinthu zisanu zonsezo nthawi imodzi. Sefa zikachuluka, simudziwa kuti yatseka ndi iti. Njira yake ndi kuchotsa imodzi imodzi, kuyambira ndi yosadalirika kwambiri.

Yoyamba kuchoka ndi ya masiku, pa chifukwa ndanena chija, komanso chifukwa cha nzeru wamba: lipoti lalikulu silituluka anthu akadali kufukula matope. Kafukufuku wa boma wa zowonongeka ndi zofunika pokonzanso, amene pa Chingerezi amatchedwa Post-Disaster Needs Assessment, ndi wa Epulo 2023, kunja kwa mpanda umene tinamanga. Ngati mukufunabe kutsekera anamondwe akale, siyani `after:` yokha, `before:` ichoke.

Yachiwiri kuchoka ndi mawu otsekeredwa aja. Zizindikiro `" "` zimalamula kuti liwulo lipezeke ndendende monga mwalembera, choncho ndi zoyenera mukadziwa mawu enieni, monga mutu wa lipoti, osati poyerekeza.

Yachitatu ndi `site:`. Malipoti ambiri okhudza Malawi amalembedwa mogwirizana ndi mabungwe akunja, ndipo amasungidwanso pa masamba awo. Pa nkhani za ngozi, malo oyamba kuyang'ana ndi `reliefweb.int`, tsamba loyendetsedwa ndi ofesi ya United Nations yoona za chithandizo pa ngozi, komwe amasonkhanitsa malipoti a maboma ndi mabungwe. Tinamaliza ndi mizere iwiri yosiyana m'malo mwa umodzi wautali:

```
"post-disaster needs assessment" freddy malawi filetype:pdf
```

```
freddy malawi situation report site:reliefweb.int after:2023-03-10 before:2023-04-01
```

Woyamba ukufuna lipoti lalikulu ndi mutu wake, popanda masiku. Wachiwiri ukufuna malipoti afupiafupi a masiku oyambirira, ndipo apa masiku akugwira bwino chifukwa lipoti lililonse pa tsambalo lili ndi tsamba lake lokhala ndi tsiku. Onani kuti pa wachiwiriwu sindinaike `filetype:pdf`. Mukafika pa tsamba la lipotilo mupeza pomwepo potsitsira fayilo yake. Atatsitsa lipoti lalikulu lija, ndinamuonetsa kudina `Ctrl+F` n'kulemba Blantyre, kenako Soche, kuti asawerenge buku lonse pofuna ndime zochepa.

Zikakanikabe

Kuti mudziwe ngati vuto ndi mawu anu kapena ndi nkhokwe, lembani `site:` ndi dzina la tsamba lokha, popanda liwu lina lililonse. Pakabwera zambiri, ndiye kuti Google imalidziwa tsambalo, sinthani mawu. Pakabwera zochepa kwambiri kapena osabwera kanthu, musataye bandulo: pitani pa tsambalo mwachindunji mukayang'ane pamene alemba `Downloads`, `Publications` kapena `Resources`. Nambala ya zotsatira imene Google imasonyeza ndi yongoyerekeza, musaitenge ngati kuwerenga kwenikweni kwa mafayilo.

Kumbukiraninso kuti mayina amasintha. Sukulu imene lero ndi MUBAS ku Chichiri inali The Polytechnic pansi pa Yunivesite ya Malawi mpaka 2021, ndipo KUHeS inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Chikalata cha 2018 chili ndi dzina lakale, choncho kufufuza ndi dzina latsopano kukuphonyetsani. Ngati muli ndi adiresi yakale imene sikutsegukanso, imateni pa `web.archive.org`. Nthawi zambiri kumakhala zithunzi za mmene tsambalo linkaonekera zaka za m'mbuyo. Google inali ndi kabatani kake koonetsa tsamba losungidwa, koma inakachotsa mu 2024.

Zidziwitso zimene zinangoikidwa pa Facebook Google imaziona mwa apo ndi apo, ndipo za m'magulu a WhatsApp siziona n'komwe. Zimenezo kafufuzeni komweko.

Amene mumagwiritsa ntchito Bing kapena DuckDuckGo, `site:` ndi `filetype:` zimagwiranso kumeneko, ndipo ndi bwino kuyesako Google ikakanika, chifukwa nkhokwe ya Bing ndi ina. Koma `before:` ndi `after:` ndi za Google; kwinako masiku mumasankha pa mabatani a pansi pa bokosi lofufuzira.

Chomaliza chimachitika kawirikawiri pa shopu ngati yanga, pamene makompyuta angapo ali pa netiweki imodzi. Mukafufuza ndi sefa kambirimbiri motsatizana, Google imayamba kukayikira kuti mwina ndi makina, n'kukupatsani kabokosi koti mutsimikize kuti ndinu munthu, mwina n'kukuuzani kuti musankhe zithunzi za mabasi kapena maloboti a pamsewu. Mphwanga anadzidzimuka poganiza kuti waononga kompyuta. Palibe chaonongeka: dinani zithunzizo, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, n'kupitiriza pamene munalekezera.